Kawerengedwe ka Zizindikiro za pa Lebulo ya Chovala Makina Ochapira Asanatcheredwe

Chovala chosokedwa ku fakitale chimabwera ndi kansalu kakang'ono kosokeredwa mkati, kamene anthu amakatcha lebulo, ndipo kawirikawiri kansaluka kamapezeka mu msoko wa m'mbali cha kumanzere, m'khosi mwa malaya, kapena m'chiuno mwa thalauzi ndi siketi. Pa lebulopo pamalembedwa mtundu wa ulusi umene nsaluyo inawombedwa nawo, ndiponso pamakhala mzere wa tizithunzi tofotokoza kasamalidwe ka chovalacho. Tizithunziti tinayamba ndi bungwe la GINETEX, limene linakhazikitsidwa mu 1963 ndipo likulu lake lili ku Paris, ndipo pambuyo pake tinalowa mu muyezo wa mayiko onse wotchedwa ISO 3758. Mwa dongosolo limeneli zizindikiro zimakhala zisanu ndipo zimatsatana mofanana pa chovala chilichonse: beseni la madzi limanena za kuchapa, chithunzi cha ngodya zitatu chimanena za mankhwala oyeretsera, bokosi la ngodya zinayi limanena za kuumitsa, simbi imanena za kusita, ndipo chozungulira chimanena za kuchapitsa kwa akatswiri a dirayikilini. Chizindikiro chilichonse chikadulidwa ndi mtanda wooneka ngati X, tanthauzo lake ndi lakuti ntchito imeneyo ndi yoletsedwa pa chovalacho.

M'tauni ya Kabwe, monga m'matauni ena a Zambia, zovala zambiri za m'nyumba zimachokera ku salaula, ndipo mabelo a salaula amasakaniza zovala zimene zinagulitsidwa koyamba ku Ulaya, ku Amereka ndi ku Asiya. Zotsatira zake n'zakuti dengu limodzi la zochapa limakhala ndi malebulo olembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu, ena osuluka ndi ena odulidwa, pamene makina ofala kwambiri m'makomo ndi aja a migolo iwiri amene satenthetsa madzi okha. Kabuku kano kakukhazikika pa chizindikiro cha beseni, chifukwa ndi chimene chimatsogolera katcheredwe ka makina, ndipo zinazo zikukhudzidwa pokhapokha pamene zikusintha zochita za wochapa.

Beseni limanena zinthu ziwiri

Chinthu choyamba ndi kutentha kwa madzi. Nambala yolembedwa m'kati mwa beseni, imene imakhala 30, 40, 50, 60, 70 kapena 95, ndi madigiri a Celsius, ndipo ndi malire a pamwamba amene nsaluyo ingapirire popanda kuwonongeka. Lebulo yolembedwa 60 sikulamula kuti chovalacho chichapidwe ndi madzi a madigiri 60 nthawi zonse. Ikungonena kuti madzi asapyole pamenepo, choncho thaulo la 60 likhoza kuchapidwa m'madzi ozizira popanda vuto, pamene bulauzi ya 30 siyenera kulowa m'madzi a madigiri 60 ngakhale kamodzi. Mfundo imeneyi ndi imene imamasula wochapa pa nkhani ya kusakaniza zovala: zovala za manambala osiyana zikalowa m'makina pamodzi, makina amatcheredwa motsatira nambala yotsika kwambiri pa zonsezo.

Zovala zochokera ku United States ndi ku Canada nthawi zambiri zimakhala ndi madontho m'malo mwa nambala. Dontho limodzi m'beseni ndi madigiri 30, madontho awiri ndi 40, atatu ndi 50, anayi ndi 60, asanu ndi 70, ndipo asanu ndi limodzi ndi 95. Pamene lebulo ya ku Amereka yalemba nambala yooneka yaikulu modabwitsa, monga 86 kapena 104 yotsatidwa ndi chilembo F, nambalayo ndi ya muyezo wa Fahrenheit, ndipo 86 ndi madigiri 30 a Celsius pamene 104 ndi madigiri 40. Wowerenga 86 ngati madigiri a masiku onse akhoza kuthira madzi otsala pang'ono kuwira pa chovala chimene chimafuna madzi osatentha n'komwe.

Chinthu chachiwiri, chimene anthu ambiri amachilumpha chifukwa cha kuchepa kwake, ndi timizere tojambulidwa pansi pa beseni. Timizereti sitikhudzana ndi kutentha. Timanena za mphamvu imene makina angatakase nayo chovala, kuchuluka kwa zovala zoikidwa mu mgolo, ndi liwiro lofinyira madzi. Beseni lopanda mzere limalola kuchapa kwamphamvu, mgolo wodzaza ndi kufinya kothamanga, ndipo limapezeka pa nsalu zolimba za thonje monga mathaulo, zofunda ndi jinzi. Mzere umodzi umafuna kuchapa kofatsa, zovala zosapyola pafupifupi theka la zimene makina amanyamula, ndi kufinya kocheperako. Umapezeka kwambiri pa poliyesitala, nayiloni ndi nsalu zosakaniza. Mizere iwiri imafuna kuchapa kofatsa kwambiri, zovala zochepa mu madzi ambiri, ndi kufinya pang'ono chabe, ndipo ndi ya ubweya wa nkhosa wochapika m'makina, silika, lesi ndi zina zosachedwa kung'ambika. Chotero malebulo awiri olembedwa 40, ina yopanda mzere ndi ina ya mizere iwiri, akunena za machapidwe awiri osiyana kwambiri ngakhale nambala ndi imodzi.

Chifukwa chimene kutakasa kumafunira chizindikiro chakechake chimaoneka bwino pa ubweya wa nkhosa. Ulusi wa ubweya uli ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo ukanyowa, kufunda ndi kupekesedwa, timambato timakolana moti ulusi umangoyenda mbali imodzi osabwereranso. Juzi imene yachitikiridwa zimenezi imatuluka m'makina itachepa, italimba ndiponso itakhuthala, maso a kalukidwe kake osaonekanso, ndipo palibe kukoka kapena kunyika kumene kungaibwezere mwakale. Madzi ozizira okha saiteteza ngati makina akuitakasa mwamphamvu kwa mphindi khumi ndi zisanu. Poliyesitala ili ndi vuto lina: imafewa pang'ono m'madzi otentha, ndipo ikafinyidwa mothamanga ikadali yofunda, makwinya ake amakhazikika moti simbi imavutika kuwachotsa. Pa thonje lolukidwa, monga la masikipa, madzi otentha ndi kutakasa zimachepetsa utali wa chovala ndi kupotoza misoko ya m'mbali.

Beseni lokhala ndi dzanja m'kati limanena kuti chovala chichapidwe pamanja m'madzi osapyola madigiri 40. Apa pali kusamvana kumene kuyenera kutchulidwa, chifukwa kuchapa pamanja kumene lebulo ikunena si kumene kumachitika pa mpopi kapena pa mwala wochapira, kumene chovala chimapakidwa sopo wamtanda, kupekesedwa pakati pa zibakera, kukwechedwa ndi bulashi ndi kupotokoledwa mpaka dontho lomaliza. Kuchapa kotere kumaposa mphamvu ya makina ambiri. Chimene lebulo ikufuna ndi kusungunula sopo m'madzi kaye, kuviika chovalacho, kuchipsinja mofatsa kwa mphindi zochepa, kuchitsukuluza m'madzi ofanana kutentha ndi oyambawo, ndi kuchotsa madzi pochikulunga mu thaulo louma. Beseni lodulidwa ndi mtanda limaletsa madzi onse, a m'makina ndi a pamanja omwe.

Kuchoka pa lebulo kupita pa makina

Makina otsekulira kutsogolo amatenthetsa madzi okha ndipo ali ndi kabatani kozungulira kosankhira pulogalamu, kutanthauza ndondomeko yathunthu ya kuchapa, kutsukuluza ndi kufinya. Maina a mapulogalamu amasiyana pang'ono malinga ndi kampani, koma ofala ndi `Cotton`, `Synthetics` kapena `Easy Care`, `Delicates`, ndi `Wool` kapena `Hand Wash`. Beseni lopanda mzere limagwirizana ndi `Cotton`, la mzere umodzi ndi `Synthetics`, ndipo la mizere iwiri ndi `Delicates`, kapena `Wool` ngati chovala ndi cha ubweya. Kutentha kumasankhidwa padera pa batani lolembedwa `Temp`, ndipo liwiro lofinyira pa batani la `Spin`, pamene nambala monga 1200 ikutanthauza kuti mgolo uzungulira ka 1200 pa mphindi imodzi. Thonje lolimba limapirira 1000 kapena kuposa, nsalu za mzere umodzi zimayenera cha m'ma 800, ndipo za mizere iwiri zimayenera 600 kapena kutsika. Wochapa ayenera kuyang'ana nambala imene makina aonetsa akangosankha pulogalamu, popeza pa makina ambiri `Cotton` imayambira pa 40 kapena 60 yokha ngati palibe amene waitsitsa.

Makina a migolo iwiri, umodzi wochapira ndi wina wofinyira, amagwira ntchito mwa njira ina. Ali ndi kabatani ka nthawi kamene kawirikawiri kamafika mphindi 15, ndi kena kosankhira mphamvu kolembedwa mawu monga `Gentle`, `Normal` ndi `Strong`, koma kutentha kwa madzi kuli m'manja mwa munthu wothira. Pa makina amenewa beseni lopanda mzere limatanthauza `Normal` kapena `Strong` kwa mphindi 10 mpaka 15, la mzere umodzi limatanthauza `Gentle` kwa mphindi 5 mpaka 8, ndipo la mizere iwiri limatanthauza `Gentle` kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, chovala chili mu kathumba ka neti kapena mu pilokesi yomangidwa kukamwa. Kambale kozungulira ka pansi pa mgolo kamakoka ndi kupota zovala kwambiri, choncho chovala cha mizere iwiri chimene mwini wake amachikonda ndi bwino kungochichapa pamanja. Mu mgolo wofinyira nsalu zofewa zisapyole mphindi imodzi.

Popeza nyumba zochepa ndi zimene zili ndi choyezera kutentha kwa madzi, kusakaniza madzi owira ndi ozizira moyeza ndi chidebe chimodzi kumathandiza. Kabwe ali pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,200, ndipo pamenepo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Ngati madzi a pa mpopi ali cha m'ma 20, muyezo umodzi wa madzi owira wothiridwa mu miyezo isanu ndi iwiri ya ozizira umapereka madigiri pafupifupi 30, muyezo umodzi mu miyezo itatu umapereka pafupifupi 39, ndipo muyezo umodzi mu umodzi umapereka pafupifupi 58. M'mawa wa Juni ndi Julayi madzi ogona mu dilamu amazizira kuposa apa, pamene mu Okutobala madzi a mu thanki yakuda yokhala padzuwa amatha kupyola 30 paokha, ndipo zikatero palibe chifukwa chowonjezera madzi owira. Dzanja nalonso limathandiza: thupi la munthu lili pa madigiri pafupifupi 37, choncho madzi a 30 samveka otentha n'komwe, a 40 amamveka ofunda pang'ono, ndipo a 60 dzanja silingakhalemo. Madzi ozizira ayenera kuthiridwa koyamba ndipo zovala zilowe madziwo atasakanikirana kale, chifukwa madzi owira othiridwa mwachindunji amawononga nsalu pamene agwera, ndiponso migolo ya pulasitiki ili ndi malire ake a kutentha, amene pa makina ambiri ndi madigiri 50 kapena 60 ndipo amalembedwa m'kabuku kake.

Dengu limodzi la zochapa

Chitsanzo chingakhale dengu la pa Loweruka la banja lokhala ku Bwacha, limene lili ndi makina a migolo iwiri. M'dengumo muli malaya oyera a sukulu olembedwa kuti 65% ndi poliyesitala ndipo 35% ndi thonje, okhala ndi beseni la 40 la mzere umodzi. Mathaulo oyera a thonje a 60 opanda mzere. Jinzi yabuluu ya 40 yopanda mzere. Diresi ya visikosi ya ku salaula yokhala ndi dontho limodzi ndi mizere iwiri. Juzi ya ubweya yokhala ndi dzanja m'beseni. Jekete ya suti yokhala ndi beseni lodulidwa ndi chozungulira cholembedwa P. Ndi ovolosi ya bambo wa m'nyumbamo.

Jekete ndi yoyamba kuchotsedwa pa mulu. Chilembo P ndi uthenga wopita kwa a dirayikilini, chowauza mtundu wa mankhwala osungunulira litsiro amene angagwiritse ntchito, ndipo wochapa wa pakhomo alibe nacho ntchito, popeza chimene chikumuuza kuti jeketeyo isalowe m'madzi ndi beseni lodulidwa lija. Nthawi zambiri chimene chimaopa madzi si nsalu yakunja yokha, koma kansalu kolimbitsa kamene kamamatidwa mkati mwa chifuwa ndi kolala. Kakanyowa ndi kutakasidwa kamamatuka, ndipo kutsogolo kwa jekete kumatuluka timatuza tosachoka ndi simbi. Juzi imapita m'beseni lenileni, m'madzi osamveka kutentha, ndi sopo wofatsa wamadzimadzi kapena shampu pang'ono, chifukwa sopo wa ufa wamphamvu amakhakhalitsa ubweya, makamaka amene ali ndi ma enzaimu, omwe ndi mankhwala odya madontho a magazi ndi a chakudya koma amadyanso ulusi wa ubweya ndi silika. Diresi ya visikosi imafooka kwambiri ikanyowa, choncho imachapidwa yokha m'madzi ozizira, pamanja kapena mu kathumba kwa mphindi ziwiri, ndipo sipotokoledwa.

Zotsala ndi zimene zimafuna chiweruzo. Malaya a sukulu ndi mathaulo onse ndi oyera, ndipo wofuna kusunga madzi ndi magetsi angafune kuwaphatikiza. Lamulo la chovala chofooka kwambiri likunena kuti zikatero zonse zichapidwe pa madigiri 40 ndi `Gentle`, zimene n'zololedwa, koma mathaulo sayera mokwanira, ndipo ubweya wake umakakamira pa poliyesitala. Njira yabwino pa makina a migolo iwiri ndi kuyamba ndi malaya m'madzi a muyezo umodzi wowira mu itatu yozizira kwa mphindi 7, makolala atapakidwa sopo kale, kenako kuchapa mathaulo m'madzi omwewo pa `Normal` atawonjezeredwa sopo ndi madzi otentha pang'ono. Jinzi ili ndi nambala yofanana ndi ya malaya, komabe siingalowe nawo pamodzi, popeza utoto wake wabuluu umakhala pamwamba pa ulusi ndipo umachucha. Imatembenuzidwa, zipi yake n'kutsekedwa, ndi kuchapidwa pomaliza ndi zovala zina zakuda. Lebulo siinena chilichonse za mtundu wa chovala choyandikana nacho mu mgolo, ndipo kusankhula zoyera, zowala ndi zakuda ndi ntchito ya maso a wochapa.

Ovolosi ikuonetsa malire ena a lebulo, akuti imanena zimene nsalu ingapirire koma osati zimene litsiro likufuna. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lokhala ndi mtovu likadali m'nthaka ya madera oyandikana nawo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo mtovu umavulaza kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Chovala cha munthu wogwira ntchito pa milu ya zotsalira za mgodi kapena pa malo afumbi a kumeneko chiyenera kuchapidwa chokha ngakhale lebulo yake itafanana ndi ya zovala za ana, chisakutumulidwe m'nyumba chili chouma, chitsukuluzidwe kawiri kapena katatu, ndipo mgolo utsukidwe zovala zina zisanalowe. Kutentha kwa madzi sikuwononga mtovu. Chimene chimauchotsa pa nsalu ndi sopo ndi madzi ambiri otsukuluzira, ndipo madzi amenewo sagwiritsidwanso ntchito pa zovala zina kapena kuthiridwa pa dimba ndi pamalo osewerera ana.

Zizindikiro zina zimene zimakhudza kuchapa

Chithunzi cha ngodya zitatu chiyenera kuwerengedwa sopo asanathiridwe. Chikakhala chopanda kanthu m'kati, mankhwala oyeretsera a mtundu uliwonse ndi ololedwa. Chikakhala ndi timizere tiwiri topendekeka, ololedwa ndi a okosijeni okha, osati a kolorini. Chikadulidwa, onse ndi oletsedwa. Jiki amene amagwiritsidwa ntchito m'makomo ambiri ndi wa kolorini, ndipo kuyera kwa chovala si chilolezo chomuthira: amasungunula ubweya ndi silika, amaphetsa lasitiki ya m'masokosi ndi m'zovala zamkati, ndipo nayiloni yoyera amaisandutsa yachikasu. Malaya a sukulu akayamba kuoneka otuwa, chifukwa chake kawirikawiri ndi sopo wochepa kapena wosatsukuluzika, makamaka kumene madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ali ndi laimu wambiri monga zimakhalira pa nthaka ya miyala ya dolomaiti ya ku Kabwe. Madzi otere amachepetsa thovu ndipo amasiya zoyangayanga pa nsalu, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera sopo wa ufa pang'ono ndi kutsukuluza bwino.

Pa bokosi la kuumitsa, chozungulira cha m'kati mwake chimanena za makina oumitsira, amene ndi osowa m'makomo a kuno. Zothandiza kwambiri ndi timizere: woimirira umanena kuyanika pa chingwe, wogona umanena kuyala chovala pamalo athyathyathya monga mmene juzi ya ubweya imafunira kuti isatalike ndi kulemera kwa madzi, iwiri imanena kuyanika chikudontha osafinya konse, ndipo wopendekeka wa pa ngodya umanena kuyanika pamthunzi. Timizere tiwiri timeneti timakhudza makina mwachindunji, popeza chovala chotere sichilowa mu mgolo wofinyira. Madontho a m'simbi ndi a kutentha: limodzi ndi pafupifupi madigiri 110, awiri ndi 150, atatu ndi 200. Chovala cha simbi yodulidwa chimafuna kusamala pa nyengo ya mvula, pamene ntchentche yoikira mazira a mphutsi zoboola khungu imakonda zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Popeza sichingasitidwe kuti mazirawo afe, chiyanikidwe pa chingwe m'nyumba kapena padzuwa lamphamvu mpaka chiumiretu.

Pamene lebulo palibe

Zovala zambiri za salaula zimafika lebulo itadulidwa kapena itasuluka, ndipo chitenje ndi zosokedwa ndi telala sizikhala nayo n'komwe. Ngati mawu onena za ulusi akuwerengekabe, amakwanira kutsogolera: thonje loyera limapirira 60, thonje la mitundu ndi poliyesitala zimayenera 40 kapena kutsika, ndipo ubweya, silika ndi visikosi zimayenera madzi ozizira ndi manja. Ngati palibe cholembedwa chilichonse, chovala chimatengedwa ngati cha 30 cha mizere iwiri pa kuchapa koyamba. Kuchucha kwa utoto kumayesedwa ponyowetsa kamalo kobisika ka mkati mwa mpendero ndi madzi ofunda a sopo, n'kukanikizapo kansalu koyera kwa mphindi imodzi. Kansaluko kakatenga mtundu, chovalacho chimachapidwa chokha m'madzi ozizira, osachinyika nthawi yaitali, mpaka madzi otsukuluzira atayamba kutuluka oyera. Chitenje chatsopano cha thonje chimachepa pang'ono pa kuchapa koyamba, choncho chichapidwe ndi kusitidwa chisanapite kwa telala kukadulidwa.